Nthabwala mu imelo kwa munthu wosakudziwa, ndalakwitsa pati?

Kambalame_92:
Abale ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ine ndimakonza mawebusaiti amene akuchedwa kutseguka, ndiye makasitomala ambiri ndimawapeza polembera anthu oti sakundidziwa n'komwe, maimelo ongogogoda pakhomo aja. Mwezi uno ndinatopa ndi kulemba zouma ndiye ndinati ndithiremo kamchere pang'ono. Kwa kampani ina yogulitsa mipando pa intaneti ndinalemba chonchi. Mutu wake: "Webusaiti yanu ikuyenda ngati agogo akukwera masitepe." M'kati: "Moni, ndinadina tsamba lanu, ndinapita kukasamba, pobwera ndapeza likutsegukabe kkk. Koma zoona zake ine ndimachiritsa mawebusaiti odwala ngati yanuyi. Tingayankhulane mphindi 15 Lachinayi?" Ola silinathe yankho labwera: "Webusaitiyo ndinaikonza ndine. Musatilemberenso." Basi. Nthabwala yomweyi ndinatumizira anthu 20 ndipo mmodzi anaseka mpaka tinachezerana. Ndiye vuto ndi nthabwala yanga kapena ndangogwera munthu wopanda nthabwala?

Tsabola_Wowawa:
Kkkkkk amwene mwapita kwa mayi kukawauza kuti mwana wawo ndi wosaoneka bwino kenako mukuti mundilembe ntchito yomusambitsa.

mphaka_wakuda:
Munthuyo ndi wouma mtima basi, musadandaule naye. Ine ndimaika nthabwala pa mutu wa imelo nthawi zonse ndipo anthu otsegula anakwera kufika pafupifupi theka la onse amene ndimawatumizira. Anthu atopa ndi "Ndikukhulupirira muli bwino" tsiku ndi tsiku. Pitirizani.

Mlembi_Wakale:
A Kambalame, ndakhala ndikulemba maimelo oterewa zaka zambiri, komanso ndinakhalapo mbali inayo, yolandira, ndiye ndiyankhule mosabisa. Nthabwala yanu si yoipa, ineyo ndaseka. Yangoloza munthu wolakwika. Nthabwala iliyonse imakhala ndi wina amene akusekedwa, ndipo mu imelo yogogoda alipo atatu okha amene angasekedwe: inuyo wolemba, iye wowerenga, kapena vuto limene nonse awiri mumalidziwa. Inu munasankha wachiwiri. Ndiye taganizani, pa kampani yaing'ono imelo yonena za webusaiti imafika kwa ndani? Kwa munthu amene amayang'anira webusaitiyo. Ngakhale mutalembera mwini kampani, iye angoitumiza kwa mnyamata kapena mtsikana amene anaikonza, mwinanso atalembapo "taona izi". Ndiye tsopano munthu uja akuwerenga mlendo akunyoza ntchito yake pamaso pa bwana wake. Angaseke bwanji? Akavomera kukumana nanu ndiye kuti wavomera kuti analephera ntchito. Munamutsekera khomo nokha, njira yokhayo yoti asachite manyazi inali kukukanani.

Uja anaseka uja ndikhoza kubetcha kuti webusaiti yake sanakonze yekha, mwina anakonza munthu amene anachoka kale kapena amene anakangana naye.

Kambalame_92:
Eee a Mlembi mwalasa. Uja anasekayo anandiuzadi kuti amene anawakonzera anathawa ntchito isanathe.

Mlembi_Wakale:
Mwaonatu. Kwa iyeyo munkasekera limodzi munthu wachitatu, nthabwala yomweyo inasanduka yoti "tili mbali imodzi". Koma inu potumiza simunkadziwa kuti mwa anthu 20 aja ndi ndani anakonza yekha ndi ndani anakonzeredwa. Munangoponya mwala mumdima.

Wosagona:
Pepani ndilowerere, a mphaka_wakuda zoti anthu otsegula anakwera musamazikhulupirire kwambiri. Kuyambira 2021 Apple inaika Mail Privacy Protection, imene imatsitsiratu zithunzi za mu imelo kuphatikizapo kadontho kobisika kaja kamene kamawerengera kuti munthu watsegula. Ndiye pulogalamu yanu imalemba kuti watsegula pomwe munthuyo mwina sanaione n'komwe. Komanso kutsegula si kugula. Munthu akhoza kutsegula chifukwa mutu wamukwiyitsa, akufuna aone wachipongwe ameneyu ndi ndani. Werengani amene ayankha zabwino, osati otsegula.

mphaka_wakuda:
Sikuti onse ali ndi iPhone ayi. Ndipo ndimalandira mayankho ndithu.

Wosagona:
Angati mwa angati?

mphaka_wakuda:
Sindinawerenge bwinobwino koma amabwera.

Tsabola_Wowawa:
"Amabwera" kkkk ngati mvula.

MayiWaAwiri:
Ine yanga si ya nthabwala koma ya nkhani ya moyo wanga, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndimafuna kulowa pansi. Ntchito itandithera ndinayamba kulembera makampani kufunsa ngati akufuna wowasungira mabuku a ndalama. Ndinawerenga penapake kuti anthu amakhudzidwa ndi nkhani yeniyeni ya munthu, ndiye ndinalemba ndime zitatu zathunthu, mmene ntchito inathera mwadzidzidzi, mwana kudwala nthawi yomweyo, usiku wosagona, kenako kumapeto kwenikweni kamzere kamodzi konena zimene ndimadziwa kuchita. Ndinatumiza kwa anthu 12. Anayankha awiri, onse mwaulemu kwambiri. Wina anati "pepani kwambiri ndi zimene mukudutsamo, tikukufunirani zabwino", winayo ananditumizira linki ya bungwe lothandiza anthu ovutika. Linki ya chithandizo abale! Ine ndimafuna ntchito. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za mabuku. Ndinazindikira mochedwa kuti ndinawasenzetsa katundu anthu osandidziwa, munthu akuwerenga akumva chisoni koma nthawi yomweyo akuganiza kuti mayi ameneyu ali ndi mavuto ambiri chonchi, malipoti a kumapeto kwa mwezi adzawamaliza pa nthawi yake?

NyenyeziYaMmawa:
Pepani achemwali, koma inetu ndikuona kuti simunalakwe. Munanena zoona. Ngati anthu sangalandire zoona ndiye vuto ndi lawo.

MayiWaAwiri:
Zinali zoona inde koma sanandifunse. Ndipo sizinawauze chilichonse chokhudza mabuku awo.

Mlembi_Wakale:
Amayi mwanena chinthu chachikulu pamenepo. Nkhani ya moyo wako imagwira ntchito mu imelo yogogoda ikakhala umboni woti vuto la wowerengayo unaligwirapo ndi manja ako. Ikakhala yopempha kuti akumvere chisoni imabwerera kwa iwe. Ine ndimaiyesa chonchi: ndikachotsa nkhaniyi, kodi wowerenga akhala ndi chifukwa chochepa chondikhulupirira pa ntchitoyi? Ngati yankho ndi ayi, nkhaniyo ndi yanga ndekha, ichoke. Ndipo isapitirire ziganizo ziwiri. Mwachitsanzo inu amayi, pa zaka zimene munasunga mabuku, palibe tsiku limene munapeza cholakwika chimene ena onse anachiphonya?

MayiWaAwiri:
Lilipo. Ndinapeza kuti kampani inkalipira invoisi imodzi kawiri kwa miyezi 7 chifukwa wogulitsa yemweyo analembedwa kawiri mu kompyuta, dzina lina lili ndi kadontho kumapeto lina lilibe. Zinanditengera Loweruka lathunthu kuti ndizione.

Mlembi_Wakale:
Imeneyo ndiye nkhani yanu! Muli inuyo m'katimo, muli Loweruka lanu, muli kadontho koseketsa kaja, koma aliyense woyang'anira ndalama akawerenga mtima ugunda, aganiza kuti kodi kwathu kuno kulibe kadontho kotere? Simunamupemphe chisoni, mwamupatsa nkhawa yake yomwe. Kungoti musatchule kampani imene zinachitikira, wowerenga angaganize kuti mawa mudzaulutsanso zake.

Chitsulo77:
Ine ndikuona ngati vuto la a Kambalame ndi sipamu. Mukaika "kkk" ndi mawu achilendo pa mutu Gmail imakuponyerani ku sipamu. Konzani SPF, DKIM ndi DMARC pa domeni yanu, zija zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, zonse zitheka.

Tsabola_Wowawa:
Akulu, munthu wayankha pasanathe ola. Anakaipeza ku sipamu n'kuyankha? Werengani kaye funso.

Chitsulo77:
Chabwino ndaphonya, koma anthu 18 enawo amene sanayankhe mukudziwa bwanji kuti inawafika?

Wosagona:
Apa a Chitsulo ali ndi kamfundo ngakhale alowera pa windo. Nthabwala payokha sikutumiza imelo ku sipamu, makina aja saseka komanso sakwiya. Koma munthu amene wakwiya amadina `Report spam`, ndipo zimenezo ndiye zimawerengedwa. Malamulo amene Google ndi Yahoo anakhwimitsa mu 2024 amati madandaulo a sipamu asafike 0.3%, ndiye kuti anthu atatu pa 1,000 alionse. Ku Google malamulo okhwima kwambiri amalunjika kwa otumiza maimelo 5,000 kapena kuposa pa tsiku, a Kambalame sali pamenepo, komabe malire a 0.3% amakhudza aliyense ndipo mbiri ya domeni imaonongeka ndi madandaulo ngakhale utakhala wamng'ono. Ndiye imelo youma munthu amangoifufuta, imelo yomunyoza amailanga. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Uja anayankha kuti musatilemberenso anakuchitirani chifundo, mwadziwa. Oopsa ndi okwiya mwakachetechete.

Kambalame_92:
Ndiye mukundiuza kuti ndisiyiretu nthabwala? Chifukwa zouma zija ndinalemba miyezi itatu mayankho anali ochepa kwambiri.

Gulugufe:
Ine ndili mbali yolandira, ndimagula zinthu za ofesi yathu ndiye maimelo otere ndimalandira mwina 10 pa tsiku. Ndikuuzeni mmene ndimawerengera. Ndimakhala pa foni, nthawi zambiri ndikuyenda kapena ndili pakati pa misonkhano, ndimaona dzina la wotumiza, mutu, ndi mawu ochepa oyambirira a imelo, osakwana ngakhale mzere umodzi wathunthu. Ngati malo ochepa amenewo mwadzaza ndi agogo okwera masitepe ndiye kuti sindinadziwebe kuti mukugulitsa chiyani, ndipo nthabwala yanu yaduka pakati, mbali yoseketsayo ili m'kati momwe sindinatsegule. Chachiwiri, nthabwala zambiri ndinaziona kale. Ija yoti "simunandiyankhe, kodi mwadyedwa ndi ng'ona? sankhani 1, 2 kapena 3" ndailandira kambirimbiri kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, aliyense akuganiza kuti ndi woyamba. Ulendo woyamba ndinamwetulira. Pano ndikangoona ng'ona ndimadziwa kuti munthuyu wakopera penapake ndipo watumizira anthu mazana. Koma imene imandinyansa kwambiri ndi yoika `Re:` pa mutu ngati tinayankhulanapo kale, kenako m'kati "kkk ndakupusitsani, koma poti mwatsegula..." Ameneyo ndimamutsekeratu.

Wosagona:
Ya `Re:` yabodzayo si nkhani ya ulemu yokha, ku Amereka lamulo la CAN-SPAM la 2003 limaletsa mitu yonyenga pa maimelo amalonda. Ngati mumalembera anthu a kumeneko samalani.

NyenyeziYaMmawa:
Koma a Gulugufe inunso ndinu ovuta kkk. Ndiye palibe imene inakusangalatsanipo?

Gulugufe:
Ilipo imodzi ndimaikumbukira. Munthu wogulitsa ntchito yokonza mapulinta. Analemba zachindunji, zimene amachita, nthawi imene amafika akaitanidwa, kenako pansi penipeni anawonjezera kuti "zaka 11 ndikukonza mapulinta ndipo sindinapezebe chifukwa chake amafuna inki yachikasu kuti asindikize chikalata chakuda." Ndinaseka ndekha mu ofesi chifukwa dzulo lake lomwelo ndinali nditamenyana ndi pulinta pa nkhani yomweyo. Sanandiseke ine, sanaseke ofesi yathu, anaseka pulinta, mdani wa tonse. Ndipo ndikanapanda kuseka imeloyo inali yathunthu ndithu, palibe chimene chikanasowa.

Mlembi_Wakale:
Chitsanzo chabwino kuposa chimene ndikanapeka. Onani malo amene nthabwalayo inakhala, kumapeto, ntchito itanenedwa kale. Ikapsa yapsa, ikapanda kupsa munthu amangoidumpha.

Pali chinanso chimene a Kambalame muyenera kudziwa, chifukwa chimatigwira tonse. Mu 2005 akatswiri a maganizo Justin Kruger ndi Nicholas Epley ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa mmene anthu amamvera mawu onyodola pa imelo. Olemba ankayembekezera kuti owerenga azindikira pafupifupi ka 8 pa ka 10 kuti apa ndikunyodola apa ndikunena zenizeni, koma owerenga ankalondola kungopitirira theka pang'ono, pafupifupi ngati kuponya ndalama m'mwamba. Mawu omwewo akanenedwa pakamwa anthu ankamva bwino kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti iwe polemba umamva mawu ako m'mutu, ukumwetulira, ukudziwa kuti ukucheza. Wowerenga alibe nkhope yako, alibe mawu ako, amawerenga ndi mtima umene ali nawo nthawi imeneyo, mwina wangotuluka kumene mu msonkhano momwe amukalipira za webusaiti yomweyo. Ndiye musanatumize werengani mokweza ndi mawu ouma, ngati mukuwerenga chidziwitso cha msonkho, osamwetulira. "Ndimachiritsa mawebusaiti odwala ngati yanuyi." Mwaimva mmene ikumvekera?

Kambalame_92:
Ndawerenga. Ikumveka ngati munthu wodzimva.

mphaka_wakuda:
N'chifukwa chake pali ma emoji. Ukaika kankhope koseka munthu amadziwa kuti ukucheza.

Gulugufe:
Amadziwa kuti ukucheza inde, koma ndani wakupatsa chilolezo chocheza naye? Kankhope sikachotsa chipongwe, kamangonena kuti wachita dala.

mphaka_wakuda:
Zimatengera anthu amene ukuwalembera. Ine ndimalembera anthu okonza zotsatsa malonda ndi ojambula, iwowo ukalemba ngati kalata ya kubanki amakuona ngati nkhalamba. Musatenge ofesi yanu ngati dziko lonse.

Mlembi_Wakale:
Apo a mphaka ndikuvomerezani. Ndimayang'ana kaye mmene munthuyo amalembera yekha, pa LinkedIn kapena pa tsamba la kampani yawo. Ngati iye amaseka poyera, kanthabwala kamodzi sikamudabwitsa. Ngati ndi loya, dokotala, woyang'anira chitetezo cha makompyuta, kapena kampani yangochotsa anthu ntchito, ndimalemba mosaseka n'komwe. Komanso ngati chilankhulo chimene ndikulembacho si chake chobadwa nacho, nthabwala zosewera ndi mawu ndimazisiya, amatha kuzitenga ngati zenizeni.

Tsabola_Wowawa:
Nanga yodziseka wekha? Ine ndimayamba ndi "ndikudziwa ndine munthu wa nambala 50 kukuvutitsani lero".

Mlembi_Wakale:
Imeneyo yatha ntchito ngati ng'ona ija, ndipo mwamukumbutsa nokha kuti ndinu chovutitsa. Kudziseka n'kotetezeka kuposa kuseka wowerenga, koma osadziseka pa chinthu chimene ukugulitsa. Wokonza mawebusaiti akhoza kuseka kuti amayeza liwiro la tsamba lililonse limene watsegula ngati matenda. Asaseke kuti nthawi zina amaiwala kusunga bakapu.

Kambalame_92:
Chabwino ndayesa kulembanso, ndiuzeni. Mutu: "Chithunzi cha patsamba lanu loyamba". M'kati: "Moni, ndimayang'ana mipando patsamba lanu pa foni ndipo linatenga masekondi 9 kuti litseguke. Nditayeza pa PageSpeed Insights ndaona kuti nthawi yambiri ikuthera pa chithunzi chachikulu chapamwamba, ndi cha 4 MB. Chikachepetsedwa n'kusungidwa ngati WebP chikhoza kutsika pansi pa 300 KB osaoneka kusintha. Amene amayang'anira tsambali akhoza kuchita yekha mphindi zochepa. Ndaonanso zina ziwiri zing'onozing'ono, ndikutumizireni? Pepani, ndili ndi chizolowezi choyeza tsamba lililonse limene ndatsegula, kunyumba anasiya kundibwereka foni."

MayiWaAwiri:
Iyi ndiye ndingayankhe ine. Ya foniyo yandiseketsa.

Gulugufe:
Chimene ndakonda n'choti nditha kuitumiza kwa mnzathu wa webusaiti osachita manyazi, ndipo iye atha kukonza chithunzicho n'kuoneka wanzeru kwa bwana. Komanso simunapemphe mphindi 15 zanga, mwangofunsa inde kapena ayi. Koma "Pepani" uja chotsani, simunalakwe kanthu.

Chitsulo77:
Koma mwapereka yankho laulere, akonza okha chithunzicho basi osakulembani ntchito.

Kambalame_92:
Chithunzi ndi chaching'ono akulu, ntchito yeniyeni ili pa zina ziwirizo, mapulagini ambirimbiri ndi seva yochedwa.

Wosagona:
Ngati mukufuna kudziwa ngati mzere wa foniwo ukuthandiza, gawani mndandanda pawiri mosasankha, theka ulandire ndi mzerewo theka popanda, zina zonse zofanana. Koma ndikuchenjezeni, pa anthu 20 mbali iliyonse, kusiyana kwa mayankho awiri ndi atatu sikukuuzani kanthu, ndi mwayi chabe. Pamafunika mazana angapo mbali iliyonse kuti muyambe kukhulupirira. Pa manambala anu ang'onoang'onowa bola muziwerenga mawu a mayankhowo. Munthu akatchula nthabwalayo poyankha, yagwira. Akayankha za ntchito yokha osaitchula, sinavulaze. Akayankha mwachidule komanso mwaulemu wopitirira muyeso pomwe inu munalemba mocheza, kapena akayankha wina amene simunamulembere, dziwani kuti yapweteka.

Kambalame_92:
Nanga uja wa mipando ndimupepese?

NyenyeziYaMmawa:
Pepesani. Mzere umodzi, osagulitsa kanthu, "ndinalakwitsa kayankhulidwe, pepani". Munthu ndi munthu.

Gulugufe:
Ayi. Wanena kuti musatilemberenso. Kupepesa ndi kumulemberanso. Ine ndikanena choncho ndiye munthu n'kubweranso, ngakhale ndi pepani, ndimaona ngati njira ina yotsegulira chitseko.

Mlembi_Wakale:
Apa ine ndili pakati. Ndinapepesapo kamodzi zinatha bwino, ndinapepesaponso kwina anandiyankha mawu amodzi okha oti "Chotsani". Akanangokwiya osanena zoti musalembenso ndikanati pepesani lero lomwe. Koma poti wanena, muchotseni pa mndandanda ndipo onetsetsani kuti maimelo otsatira aja amene amapita okha mwawazimitsa kwa iyeyo.

Kambalame_92:
Mayo ine. Otsatira aja. Ndinaika kuti yachiwiri izipita yokha pakatha masiku atatu.

Tsabola_Wowawa:
Musandiuze kuti ndi ya ng'ona.

Kambalame_92:
Si ya ng'ona. Mutu wake ndi "Agogo afika pamwamba?" Imayenera kupita mawa 8 koloko m'mawa kwa onse 20, ndaizimitsa pompano manja akunjenjemera.

mphaka_wakuda:
Koma imeneyo ndiye inali yoseketsa kuposa yoyamba, mukanaisiya kwa uja anaseka uja.